Ndikufuna kubwerera kumudzi kuchoka ku Joni: ndalama ilipo, nyumba sinathe, ndiyambe chiti?

Bambo a Yamikani (Germiston): Moni nonse abale anga. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo, ndiye ndati ndiyitule pano poti ambiri mwa inu munadutsamo. Ndakhala kuno zaka 9, ndimawotcherera mageti ndi mabagilabazi pa kampani ina yaing'ono. Mayi a kunyumba ndi ana atatu ali ku Lunzu, akukhala nyumba ya lendi. Ulendo wathawu nditapita, mwana wanga wotsiriza anabisala kumbuyo kwa mayi ake, amvekere abambo awa ndi a kuti. Zinandilowa mumtima. Ndatsimikiza zobwerera.

Zomwe ndili nazo ndi izi. Ku banki kuno ndasunga R92,000. Kuntchito amandidula ya povidenti, ndalama yosungira nthawi yopuma ntchito, pepala lomaliza likuonetsa pafupifupi R40,000. Ndili ndi puloti ku Lunzu komweko, nyumba ya zipinda zitatu ndi pabalaza, yafika pa bimu koma ilibe denga. Pemiti yanga ikutha mu Juni chaka chamawa. Maganizo anga ndi oti nditsike mu Disembala uno, ndifolere nyumba, ndalama yotsalayo ndigule njinga zamoto ziwiri anyamata azichita kabaza. Kodi ndikulakwitsa pena pake?

Kondwani wa pa Kameza: Akulu, tsikani basi. Njinga zili ndi ndalama. Ine ndimayendetsa ya bwana wina, tsiku lililonse ndimamupatsa yake madzulo, yotsala n'kukhala yanga. Mukakhala ndi ziwiri ndiye kuti tsiku silingadutse osagwira kanthu. Ndalama yanuyo itumizeni pano pomwe, randi ili bwino, akazi anu akuikireni ku banki izibereka.

Mayi a Tadala (Pretoria): A Kondwani, zakuti njinga imalowetsa ndalama tsiku ndi tsiku sindikutsutsa, koma zotumiza ndalama yonse lero ndakana. Bambo a Yamikani, kumbukirani zomwe zinachitika. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika cha m'ma K1,700 usiku umodzi. Munthu amene anasintha randi zake mu Okutobala n'kuzigoneka ku banki, pofika Khirisimasi simenti yomwe akanagula inali itachepa iye osadyapo ngakhale tambala. Mu 2023 ndi 2024 mitengo ya zinthu kwathu imakwera kupitirira 25 peresenti pachaka, ndipo chiwongoladzanja cha buku wamba la ku banki sichifika pamenepo.

Lamulo langa ndi limodzi: randi isanduke kwacha pa sabata yomwe mukugula chinthu. Mukufuna malata, tumizani ya malata, agulidwe mawa lake, lisiti mulione pa foni. Yotsalayo ikhale momwe iliri.

Che Jafali (Durban): Achimwene, ndiloleni ndikuuzeni za ine, poti njira mukufuna kuyendayi ndinayenda kale. Ndinabwerera ku Mangochi mu 2015, nthawi ya zipolowe zija, pa basi zomwe boma linatumiza. Ine ndinali ndi mwayi, ndalama ndinali nditasunga ndithu. Ndinagula njinga zamoto zitatu. Mwezi woyamba anyamata amabweretsa bwinobwino. Wachiwiri zinayamba: lero tayala laphulika, mawa andigwira apolisi, mkuja kunalibe anthu. Ine njinga sindiidziwa, akandiuza kuti injini ikufuna kutsegula ndimangotulutsa ndalama. Imodzi inabedwa usiku, mnyamatayo anamukhapa pamutu, ndalama ya kuchipatala inatuluka m'thumba mwanga, ndipo ndimayenera kutero poti amagwira ntchito yanga. Chaka chisanathe ndinagulitsa ziwiri zotsalazo, imodzi inasanduka thiransipoti yobwerera kuno.

A Kondwani akunena zoona kuti ndalama ilimo, koma ili kwa amene wakwera njingayo. Inuyo muli ndi luso m'manja, zaka 9 mukuwotcherera zitsulo. Mukulisiyiranji n'kukalowa geni yomwe simukuidziwa?

Kondwani wa pa Kameza: Si anyamata onse akuba Che Jafali. Ena timagwira mokhulupirika. Komanso masiku ano ambiri amagwirizana kuti mnyamata akapereka ndalama kwa miyezi yakutiyakuti njinga ikhala yake, akatero amaisamala ngati mwana.

Che Jafali (Durban): Sindinati ndinu akuba mphwanga, pepani ngati zamveka choncho. Njira mwatchulayo ndi yabwinodi kuposa yomwe ndinachita ine. Koma muwerengenso masiku omwe mafuta amasowa, njinga zitandandalikana pa filing'i siteshoni kuyambira m'mawa. Tsiku limenelo bwana alandira chiyani?

Bambo a Yamikani (Germiston): Zowotcherera ndinaziganizirapo, koma ndimaona ngati kwathu owotcherera achuluka kale. Pa Lunzu pokha mashedi ndi angapo. Komanso magetsi.

Mayi a Tadala (Pretoria): Tisanafike ku bizinesi, tiyambe takonza za kuntchito kwanu, chifukwa apa ndi pomwe anthu athu amasiya ndalama zambiri. Ine ntchito yanga ndi yokonza malipiro a antchito, ndimaziona mwezi ndi mwezi.

R40,000 ya povidenti musaiwerengere ngati ili kale m'thumba. Kuyambira pa 1 Sepitembala 2024 ndalama zimenezi zinagawidwa m'miphika. Zomwe munasonkha tsikulo lisanafike mungathe kutenga mukasiya ntchito, monga kale. Zomwe mukusonkha kuchokera pamenepo, gawo limodzi mwa atatu limalowa mumphika womwe mungatapemo kamodzi pachaka, magawo awiri amatsekeredwa mpaka ukalamba. Kwa ife alendo khomo lotulutsira zotsekeredwazo lilipo, makamaka pemiti ya ntchito ikatha ndipo mwachoka m'dziko, koma limafuna mapepala ndipo silitseguka msanga. Ndiye pitani kwa abwana anu sabata ino, akupatseni dzina la thumba la povidentilo ndi nambala yanu ya umembala, mufunse kuti mumphika uliwonse muli zingati. Onaninso kuti nambala yanu ya msonkho ku SARS, bungwe lotolera msonkho kuno, ili bwino, chifukwa ndalamazi sizituluka SARS isananene msonkho wake, ndipo kawirikawiri zomwe mulandire zimachepa poyerekeza ndi zomwe zili papepalapo.

Chinanso, akaunti yanu ya ku banki kuno musatseke, ndipo nambala ya foni yomwe imalandira mauthenga a bankiyo musaitaye. Ndaona anthu atafika kale ku Mzimba, ndalama yatuluka, koma akaunti inaumitsidwa chifukwa pemiti inatha, kapena simu inafa. Kukonza zimenezo uli kumudzi ndi mutu waukulu. Pemiti yanu ikutha mu Juni, ndiye zonsezi zitheke Juni asanakwane.

Nachisale (Cape Town): Ndipo akapempheso ndalama ya zaka zomwe agwira. Lamulo la kuno limati malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse. Zaka 9 ndi masabata 9, si yochepa imeneyo.

Mayi a Tadala (Pretoria): Achemwali, sabata imodzi pachaka ilikodi m'lamulo, koma ndi ya munthu amene kampani yamuchotsa chifukwa ntchito yachepa. Wosiya yekha salandira, pokhapokha bwana atafuna mwa ufulu wake. UIF, inshuwalansi ya ulova, nayonso chimodzimodzi: mwakhala mukudulidwa 1 peresenti mwezi uliwonse, koma wotula pansi ntchito mwakufuna kwake sapatsidwa ya ulova. Zomwe Bambo a Yamikani ali nazo motsimikizika ndi malipiro a masiku a tchuthi omwe sanapume, komanso apereke notisi ya masabata anayi poti agwira kupitirira chaka. Akangochoka mwakachetechete ngati momwe ena amachitira, adzasowa wowasainira mafomu a povidenti.

Nachisale (Cape Town): Zikomo mwandikonza, ine ndimayesa ndi ya aliyense. Koma yanga nkhani ndi ya nyumbayo. Bambo a Yamikani, pulotiyo mapepala ake ndi otani? Ndipo nyumba yafika pa bimuyo munaiona ndi maso anu, kapena pa chithunzi?

Ndikufunsa chifukwa ine ndinalira. Zaka zinayi ndikuchapa ndi kukolopa m'nyumba za anthu kuno, ndimatumiza ndalama kwa m'bale wanga wina kuti azindimangira ku Kasungu. Zithunzi zimabwera, njerwa zofiira bwino, mawindo atakhoma. Tsiku lomwe ndinafika ndi chikwama changa, anayamba kundizungulitsa, tidye kaye, mupume kaye. Madzulo mwana wa mchemwali wanga ndi amene anandilondolera. Ndinapeza maziko okha, udzu utamera mpaka m'chiuno, mulu wa mchenga mbuzi zitagonapo. Nyumba ya pa zithunzi ija inali ya munthu wina kuseri kwa msewu. Ndinakhala pansi pa mulu wa mchengawo, miyendo inakana. Mpaka lero nkhaniyo sinathe, akuluakulu amangoti ndi zapachibale, musapite nazo kutali.

Bambo a Yamikani (Germiston): Pepani kwambiri achemwali. Nyumbayo ndinaiona ndekha chaka chatha, ndipo amene amayang'anira ndi mayi a kunyumba, simenti amakagula okha n'kumawerenga matumba madzulo. Puloti ndinagula kwa banja lina, tinalemberana kalata pamaso pa amfumu, chidindo chawo chilipo, mboni zitatu zinasaina.

Nachisale (Cape Town): Mayiwo muwagwiritse, ndi chuma chanu choyamba. Koma kalata ya amfumu yokha ine siindigonetsa tulo. Malo a makolo amakhala ndi eni ambiri. Wagulitsa ndi malume, mawa mphwake wobadwa kwa mlongo wawo atulukira kuti munda uwu ndi wa mbumba, sanatifunse. Kuchigawo cha kumwera kwathu mukudziwa kuti malo amayendera kuchikazi. Mwa mboni zitatuzo, alipo mayi wa m'banjamo?

Bambo a Yamikani (Germiston): Onse atatu ndi amuna. Sindinaganizeko zimenezo.

Malume Phiri (Dedza): Mphwanga, imeneyo ikonzeni musanakhome lata ngakhale limodzi. Pitani ndi amfumu kwa eni mbumba, amayi akuluakulu a pabanjapo asaine kapena adinde chala, muikenso zizindikiro za malire anthu akuona. Mukatero mukafunse ku ofesi ya malo kwa DC kuti mulembetse bwanji m'dzina lanu. Malamulo a malo anasintha mu 2016, anawakonzanso mu 2022, ndiye musadalire zomwe munamva kale. Nyumba yopanda denga saikanganira kwambiri. Mikangano imabuka malata akawala.

Ine ndine wa Theba, ndinagwira m'migodi ndili mnyamata. Tinkabwera ndi wailesi, njinga yakapalasa, bulangete ndi sutikesi yachitsulo, mudzi wonse kudzatiwona. Pakutha pa miyezi isanu ndi umodzi wailesi yagulitsidwa, njinga yapita, munthu ukufunsanso za ulendo. Ndipo ndalama zathu zina zinatsalira komweko, anzanga ambiri amwalira akuzidikira. Ndiye zomwe akunena Mayi a Tadala zakuti mutenge mapepala onse musanachoke, mverani. Ife tinalibe wotiuza.

Achimwene a ku Leeds: Nkhani yabwino iyi. Ine langizo langa, galimoto muitumize kudzera pa Dar es Salaam, ikalowere pa Songwe, ndipo muonetsetse kuti yakhala m'dzina lanu nthawi yokwanira kuti a MRA akuchotsereni msonkho ngati munthu wobwerera kwawo. Ndinathandiza mnzanga chaka chatha zinayenda bwino.

Che Jafali (Durban): Achimwene, munthuyu ali ku Germiston ndipo galimoto alibe. Wake katundu adzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, n'kulowa pa Mwanza.

Achimwene a ku Leeds: Pepani, ndinawerenga mothamanga. Komabe mfundo ya MRA ikuwakhudza. Wobwerera kwawo atakhala kunja nthawi yaitali amaloledwa kulowetsa katundu wake wa m'nyumba wogwiritsidwa kale ntchito popanda msonkho, koma uyenera kuonetsa umboni kuti unali kunjako mwalamulo. Katundu watsopano wamalonda amalipiritsa. Za makina owotcherera, mayi akunyumba apite ku Msonkho House ku Blantyre akafunse asanatumize, Lunzu ndi pafupi. Ndipo katundu alembedwe m'dzina lawo, chinthu chilichonse pachokha, malisiti ali m'manja.

Che Jafali (Durban): Apo mwalasa. Mathiransipota ena amasakaniza katundu wa anthu khumi m'ngolo imodzi, wina akanamiza pa boda, yense amagwidwa limodzi. Makina anu mukwere nawo basi imodzi, muziwaona akamatsitsa ndi kukweza.

Tsono za magetsi munanena zija. N'zoona, amavuta. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, anthu amakhala maola ambirimbiri opanda magetsi kwa chaka chathunthu ndi kuposerapo. Koma owotcherera sanatseke onse. Anatseka ndi omwe anali ndi makina akale olemera aja, ofuna magetsi amphamvu. Kamakina kamakono konyamula m'manja kamayenda ndi jenereta yabwino, ndipo kuno zida zotere zimapezeka mosavuta kuposa kwathu, kumene ndalama zakunja zikasowa katundu wa m'mahadiweya amakwera kapena kusowa kumene. Ndiye chuma choti mupite nacho ndi zida: makina awiri, galainda ziwiri, dirilo, jenereta, zodulira zambiri. Chida sichigwa mtengo kwacha ikagwa, ndipo wachibale sangakupempheni galainda kuti akagulire feteleza.

Bambo a Yamikani (Germiston): Makina amodzi ndi galainda ndili nazo kale zanga, ndimagwiritsa Loweruka ndikapeza ganyu. Koma funso langa lija likadalipo: mashedi achuluka, ndidzapeza makasitomala?

Mayi a Tadala (Pretoria): Funso limenelo palibe pano angakuyankheni, ngakhale ine. Muyenera kukaliyesa, ndipo mwayi muli nawo chifukwa pemiti ikadali ndi moyo. Mu Disembala kampani zambiri za zomangamanga kuno zimatseka milungu itatu. Pitani ngati tchuthi, ntchito musasiye. Tengani makina anuwo, mukapange mafelemu a zitseko, mawindo ndi geti ya nyumba yanu yomwe, panja, anthu odutsa akuona. Pa ntchito imeneyo mudziwa zinthu zitatu zomwe pano mukungoganizira: chitsulo chikugulidwa bwanji ku Limbe, kuchifikitsa ku Lunzu kukudya zingati, ndipo anthu akafunsa mtengo wa geti ngati yanuyo n'kuumva, akubwerera kapena akuthawa. Mukapeza anthu awiri atatu opereka ya chitsulo patsogolo, bizinesi ilipo. Akamangoyamikira osatulutsa kanthu, mwadziwa muli ndi ntchito m'manja.

Tiyeni tiwerengere R92,000 ija, povidenti tiyiike pambali. Mwati denga anakuuzani zingati?

Bambo a Yamikani (Germiston): Mmisiri anati malata a geji 28, matabwa, misomali ndi ntchito yake, nyumba yonse, zikufika ngati R30,000 tikasintha. Pakhomo ndimatumiza R3,500 pamwezi, lendi ili momwemo.

Mayi a Tadala (Pretoria): Chabwino. Denga R30,000. Chakudya ndi zapakhomo za miyezi isanu ndi umodzi, osakhudza bizinesi, R21,000. Lendi idzachoka koma inuyo mudzawonjezeka pa mbale, ndiye ndasiya momwemo. Jenereta ndi zida zowonjezera, tinene R15,000. Ulendo ndi katundu, R8,000. Zakwana R74,000, kutsala R18,000. M'menemo mutuluke chitsulo cha nyumba yanu, simenti ya pansi, chimbudzi, kulowetsa magetsi, malo a shedi. Mukuona kuti njinga ziwiri zija zinalibe pokhala? Mukanagula, mukanadya ndalama ya chakudya, ndipo mwezi wachitatu mukanayamba kugulitsa zida.

Nyumba musaimalize yonse. Folerani, ikani zitseko ndi mawindo, pulasitala ndi simenti ya pansi zipinda ziwiri zokha, banja lilowe, lendi ithe. Siling'i, penti ndi matailosi zidzabwera ndi ndalama ya mageti.

Malume Phiri (Dedza): Ndiwonjezere za nyengo. Disembala ndi mwezi woipa kubwerera kokhazikika. Mvula ili pakati, anthu ndalama zawo zapita ku feteleza, Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala, palibe womanga nyumba. Amene adzagogode pakhomo panu ndi ofuna thandizo, ndipo mudzawapatsa, chifukwa ndi anthu anu ndipo njalayo ndi yeniyeni. Bwerani mu Meyi. Anthu akolola, a fodya ndi soya agulitsa, njerwa zikuumbidwa, aliyense akufuna felemu ndi chitseko mpaka Okutobala. Chimanganso chimakhala chotsika mtengo, mugule matumba a chaka chonse, muthire mankhwala a anankafumbwe, musunge.

Nachisale (Cape Town): Koma Malume, kufolera mu Disembala mvula ili mkati? Ndipo zipupa zakhala kale pamvula chaka chathunthu.

Malume Phiri (Dedza): Ayi, denga lisadikire Disembala. Akonze za mbumba ija mwezi uno kudzera mwa akazi awo ndi amfumu, ikatheka atumize ya malata, afolere mvula isanayambe. Mmisiri ayambe waona ngati bimu sinang'ambike.

Kondwani wa pa Kameza: Ine ndikuonabe kuti njinga imodzi sikanalakwika. Mageti sabwera tsiku lililonse, pomwe ndiwo zimafunika tsiku lililonse. Ngakhale kunyamulira jenereta popita kukawotcherera kwa kasitomala, mudzayenda pansi?

Che Jafali (Durban): Imodzi yokwera mwiniwake, imeneyo sindikana. Koma idikire ya povidenti ikatuluka.

Mayi a Tadala (Pretoria): Ine ya povidentiyo ndikanakonda isakhudzidwe chaka choyamba, ikhale ya matenda ndi maliro. Koma izo mukambirane ndi mayi a kunyumba, ndi amene akudziwa zomwe pakhomo pamafunika pa tsiku. Chomwe ndikukupemphani ndi chimodzi: tulukani pemiti isanathe. Kupitirira masiku, ngakhale ochepa, amakudindani pa boda kuti musalowenso kwa chaka, ndipo mukapitirira masiku 30 ndi zaka zisanu. Mwina simudzafunanso kugwira ntchito kuno, koma mudzafuna kubwera kudzagula zida kapena kudzasaina za ndalama zanu.

Bambo a Yamikani (Germiston): Ndawerenga zonse kawiri, zikomo abale anga. Usiku uno ndalankhula ndi mayi a Yamikani. Za Meyi sanakondwe nazo poyamba, anali atawauza kale ana kuti Khirisimasi ino bambo akabwera sabwereranso ku Joni. Koma nditawawerengera ndalama ija anakhala chete, kenako anati Loweruka apita okha kwa amfumu za amayi a mbumba aja. Akutinso pali mpingo wina pafupi ndi pulotiyo womwe ukumanga ndipo ulibe mawindo, akafunsa abusa ngati angandidikire mpaka Disembala. Za njinga sitinagwirizane, iwo ali mbali ya a Kondwani. Mawa nthawi ya nkhomaliro ndikalowa mu ofesi kukafunsa za miphika ija. Mayi a Tadala, ndikapatsidwa pepalalo ndikutumizirani kumbali mundithandize kuliwerenga.

Mayi a Tadala (Pretoria): Tumizani, koma nambala ya pasipoti ndi ya akaunti muziphimbe kaye musanajambule.